Mapemphero pa Facebook layivi ndi foni: zimene zaoneka patatha miyezi isanu ndi itatu

"Ife timaulutsa mapemphero a Lamulungu pa foni, koma chithunzi chimaima komanso foni imatentha. Kodi tigule foni ina?"

Musathamangire kugula foni. Zida zimene zagwira ntchito Lamulungu lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu ndi foni wamba ya Android ya batire la 5,000 mAh, kamayifayi ka 4G kolowetsa simu n'kumapereka Wi-Fi, pawabanki ya 20,000 mAh, choimikapo foni cha miyendo itatu ndi maikolofoni yopanda waya. Pa zonsezi, foni ndi imene yavuta pang'ono kwambiri.

Chimene chimaimitsa chithunzi ndi liwiro lotumizira, osati lolandirira. Timizere ta netiweki tikhoza kudzaza, mavidiyo a eni ake n'kumaseweranso bwinobwino, koma layivi yanu n'kumadukaduka. Tsegulani Speedtest, apu yoyesera liwiro la intaneti, muli pamalo penipeni pamene foni idzaime, muyang'ane nambala ya Upload, imene ndi liwiro lotumiziralo. Layivi ya 720p imafuna pafupifupi 2 Mbps yosasinthasintha, choncho nambalayo ikhale 4 kapena kuposa. Yesani TNM ndi Airtel yomwe, ndipo muyese Lamulungu lenilenilo anthu atadzaza m'tchalitchi. Kuyesa Lachitatu masana n'kudzinamiza, chifukwa nthawi imeneyo nsanja ya netiweki simukulimbirana ndi mafoni a mpingo wonse. M'tchalitchi cha malata ndi zipupa zochindikala, kusuntha kamayifayi kukaika pawindo kumathandiza kuposa kusintha bandulo.

Za bandulo, masamu ake ndi awa: 2 Mbps kwa ola limodzi ndi pafupifupi 900 MB. Mapemphero a maola awiri ndiye kuti 1.8 GB, ndipo abusa akatenthedwa ndi uthenga n'kuwonjezera theka la ola, 2 GB yatha. Lowani ndi 3 GB.

Kamayifayi kali ndi phindu lina limene ambiri amalizindikira mochedwa. Data ikamachokera pa simu ya m'foni yomwe ikujambulayo, munthu akangokuimbirani, mafoni ambiri amatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, layivi n'kuima. Pa foni ya masimu awiri, kuimbiridwa pa simu inayo kumadulanso data. Do Not Disturb imangotseka phokoso, kuimbako kumalowabe. Yatsani Airplane mode, kenako muyatse Wi-Fi yokha, mulumikize ku kamayifayiko.

Kutentha ndiye vuto limene limakula ndi miyezi. Kamera, sikirini ndi kutchaja zikamachitika nthawi imodzi, foni imadziteteza yokha: imayamba yachepetsa kuwala kwa sikirini, kenako chithunzi chimayenda modumphadumpha ngakhale netiweki ili bwino, pomaliza imasiya kutchaja kapena kutseka kamera. Mu Okutobala ndi Novembala zimenezi zimabwera msanga. Vulani foni chikopa chake, muchepetse kuwala nokha, ndipo isaime pamene dzuwa la pawindo likufika. Yambani batire lili lodzaza, pawabanki muilumikize likatsika kufika pa theka, pa doko lotchaja pang'onopang'ono, chifukwa kutchaja kothamanga ndi kumene kumatenthetsa kwambiri. Mukadzaona chivundikiro chakumbuyo chikutukuka, batire latupa, lisintheni lisanachite ngozi.

Pawabanki nayo simapereka zonse zolembedwa pa thupi lake. Pa 20,000 mAh muziwerengera 12,000 kapena 13,000. Zimakwanabe foni ndi kamayifayi magetsi a ESCOM atathima. Chimene chinatopa msanga ndi chingwe, chinayamba kugwedera pa doko. Chimangireni ku mwendo wa choimikiracho ndi labala kuti chisamakoke foni. Pogula maikolofoni, sankhani imene kolandirira kake kali ndi doko lotchajira, apo ayi katseka doko lokhalo limene foni ili nalo.

Oonera amakhala m'mbuyo ndi masekondi 10 mpaka 30. Wotsogolera akafunsa kuti "mukutimva?", asaime kudikira yankho, apitirize, mayankho amupeza m'njira. Makomenti awerengedwe ndi munthu wina pa foni yachiwiri atavala zomvera m'makutu, chifukwa akatsegula sipika mawu amabwereranso mu layivi, ndipo kugwiragwira foni yojambulayo kumagwedeza chithunzi. Ndi munthu yemweyu amene amayamba kudziwa kuti mawu athawa, amakanikiza komenti ya ndime ya tsikulo kuti ikhale pamwamba, n'kuchotsa aja obwera kudzatsatsa malonda awo. Achibale a ku Joni ndi ku Mangalande amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamaphokosera amatuluka.

Nyimbo zojambulidwa kale musaziike podikira anthu, Facebook imatha kutseka mawu a gawo limenelo. Komanso kuyambira mu Febuluwale 2025, mavidiyo a layivi amafufutidwa pakatha masiku 30, ndiye ulaliki umene mukufuna kusunga muutsitse sabata yomweyo.