Rezisita, tirima kapena kusintha chipi: kuthana ndi karenti ya bayasi pa seketi ya 10 MΩ

Anzanga angapo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: n'chifukwa chiyani opu-ampu, chipi yokuza siginolo, ikutulutsa voteji pomwe sanalowetsemo kanthu? Nthawi zambiri ndikawafunsa bwino, ndimapeza kuti aika marezisita akuluakulu.

Tiyeni titenge seketi yotembenuza siginolo, yokuza ka 10. Rezisita yolowera, R1, ndi 1 MΩ, yobwezera, Rf, ndi 10 MΩ, mwendo wa + uli pa graundi, ndipo chipi ndi LM741. Miyendo iwiri yolowera imakoka karenti pang'ono yoti matiranzisita am'kati agwire ntchito. Imeneyi ndiyo karenti ya bayasi, ndipo pa 741 imakhala cha m'ma 80 nA. Ya ku mwendo wa − ilibe kwina kodzera koma pa rezisita yobwezera, choncho 80 nA kuchulukitsa ndi 10 MΩ ndi 0.8 V potulukira. Imeneyo si siginolo, ndi bodza lokhalokha.

Ambiri amathamangira tirima, rezisita yochita kupotokola, ndipo ine njira imeneyi ndimaipidwa nayo. Inde, 741 ili ndi miyendo 1 ndi 5 yolumikizapo tirima ya 10 kΩ. Koma inaikidwa kuti ikonze vuto lina, la voteji ya ofuseti, kusafanana kwa matiranzisita awiri olowera, komwe pa chipi iyi kumakhala pafupifupi 1 mV. M'seketi yathu ofuseti imakuzidwa ka 11, ndiye imangobweretsa 11 mV. Kuti mufafanize 0.8 V ndi tirima, muyenera kukankha polowera ndi 73 mV, pomwe tirimayo imalekezera pa 15 mV. Mudzapotokola mpaka kumapeto, mita osafika pa ziro.

Ngakhale pomwe ikwanitsa, pali mtengo wobisika. Mukagwiritsa tirima kubisa cholakwa cha karenti, mwapendeketsa dala matiranzisita omwe anali ofanana, ndipo akapendekeka amatsetsereka kwambiri ndi kutentha. Karenti ya bayasi nayo imasintha ndi kutentha mwa njira yakeyake. Ziro amene mwatchera m'mawa kukuzizira, masana bokosi litatentha mumupeza wasamuka.

Rezisita yolinganiza ndiyo yotchipa, ndipo pa 741 kapena LM358 ndiyo yoyambira. Pakati pa mwendo wa + ndi graundi muike rezisita, Rc, yofanana ndi ziwiri zija zitalumikizidwa mbali ndi mbali:

```
Rc = (R1 × Rf) / (R1 + Rf) = 909 kΩ
```

Ya 910 kΩ imakwana. Tsopano karenti ya miyendo yonse iwiri ikupanga voteji yofanana, ndipo ziwirizo zimadyana. Chotsala ndi kusiyana kwa makarenti awiriwo, komwe ndi karenti ya ofuseti, cha m'ma 20 nA. Cholakwa chatsika kuchoka pa 0.8 V kufika pa 0.2 V. Ndi bwinoko, koma sichinathe, ndipo wopanga amalola kusiyanako kufika 200 nA pa chipi yoipitsitsa, zomwe ndi 2 V. Muikenso kapasita ya 100 nF pambali pa rezisitayo, apo ayi ikubweretserani phokoso. Ngati chomwe chikudyetsa seketi chili ndi rezisitansi yakeyake, muiwonjezere pa R1 powerengera.

Ine ndimakhalira kumbuyo kusintha chipi. TL071 imalowera pa matiranzisita a mtundu wa JFET, ndipo bayasi yake ndi pafupifupi 65 pA. Pa 10 MΩ imeneyo ndi 0.65 mV basi, rezisita yolinganiza osafunikanso. Apa chachikulu chimakhala voteji ya ofuseti, 3 mV kuchulukitsa ka 11, yomwe ndi 33 mV, ndipo apa ndiye tirima ikugwira ntchito yomwe inapangidwira. Chenjezo lake ndi kutentha: karenti ya JFET imawirikiza kawiri pa madigiri 10 alionse, moti kuchoka pa 25 °C kufika pa 65 °C yakwera ka 16, kufika cha m'ma 1 nA, kapena 10 mV potulukira. Bolodi nalo liyenera kukhala loyera. Zotsalira za fulakisi yowotcherera zikanyowa n'kupanga kanjira ka 1 GΩ kuchokera ku 15 V, zimadonthetsa 15 nA, kuposeratu bayasi ya chipiyo.

Chipi ina, OP07, imafafaniza bayasi m'kati mwake, ndipo yotsalayo ikhoza kuloza uku kapena uko, choncho rezisita yolinganiza siithandiza kwenikweni.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye cholakwa chanu. Lumikizani polowera ku graundi, yezani potulukira, kenako sinthani marezisita akhale 1 kΩ ndi 10 kΩ. Kukuza sikunasinthe, koma cholakwa cha karenti chachepa ka 1,000. Chomwe chazimiririka chinali cha karenti, chotsalacho muchigawe ndi 11 ndipo mwapeza voteji ya ofuseti ya chipi yanu.