Sitabilaiza yanga patatha chaka ku Joni: yapulumutsa kompyuta, koma yanditopetsa

"Achimwene, chibwerere magetsi sabata yatha kompyuta yanga ikumangozima yokha. Kodi sitabilaiza munagula ija ikuthandizadi, kapena ndingogula saji purotekita ya R300?" Anandifunsa motero mnzanga wa ku Turffontein, ndipo yankho lake ndaona kuti ndililembe mokwanira.

Sitabilaiza yanga, chipangizo chosunga magetsi pa mlingo woyenera, ndi ya 1000 VA, ndinaigula R1,400, ndipo imanyamula kompyuta ya padesiki ndi sikirini yake kuno ku Rosettenville. Pa ntchito yake yeniyeni sindingaidandaule. Madzulo a mwezi wa Juni, pamene nyumba iliyonse yayatsa hita, magetsi oyenera kukhala mavoti 230 amatsika kufika cha m'ma 195, ndipo iyo imawakweza. Magetsi akabwerera, imadikira kaye pang'ono isanawalowetse.

Tsiku limene ndinaiyamikira kwambiri ndi limene akuba anadula waya wa nyutirolo, wobwererapo magetsi, mumsewu wathu. Waya ameneyu akachoka, nyumba zina zimalandira magetsi ochepa pamene zina zimalandira ochuluka, mpaka kuyandikira mavoti 400. Kwathu mababu anawala modabwitsa, lina n'kuphulika. Sitabilaiza inadula magetsi yokha ndipo kompyuta sinavulale, pomwe saji purotekita, chotetezera ku magetsi okwera mwadzidzidzi, imene inali pa rauta ya intaneti inayamba kununkha pulasitiki wopserera, inadetsedwa pansi pake, ndipo chaja ya rauta inapita nayo limodzi. Chifukwa chake n'chakuti kachipangizo ka mkati mwa saji purotekita, kotchedwa varisita, kanapangidwira kumeza mphamvu yobwera mwadzidzidzi n'kutha nthawi yomweyo, monga ya mphenzi. Magetsi akakwera n'kukhalitsa, kamatentha mpaka kupsa. Komanso kamafooka pang'onopang'ono kakamamenyedwa, kotero kagetsi kosonyeza chitetezo kakazima, chotsalacho ndi ekisitenshoni wamba. Komabe ndinagula saji purotekita ina n'kuilumikiza pakhoma, sitabilaiza n'kubwera pambuyo pake, popeza mphenzi za dzinja la kuno zimathamanga kuposa momwe sitabilaiza ingayankhire.

Vuto la sitabilaizayi linayamba nyengo yozizira ili mkati. Mtundu wotchipawu umasintha magetsi ndi timaswichi totchedwa marileyi, ndipo magetsi akamasewera pamalire timangolira "tha, tha" usiku wonse. Kulirako ndinakuzolowera, koma kenako kompyuta inayamba kuzima n'kuyakanso nthawi zina pamene phokosolo lamveka, ndili pakati polemba makalata a makasitomala. Chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti kasikirini ka sitabilaizayo kankangosonyeza 220 osasuntha, pamene wokonza zamagetsi atayeza ndi mita yake anapeza 204. Rileyi imodzi inali itapserera pokhudzanirana.

Wogulitsa, amene tsiku logula anandilonjeza galanti ya chaka, anaitembenuza uku ndi uku nanena kuti galantiyo sikhudza chinthu chowonongeka ndi magetsi. Ndinamufunsa kuti nanga sitabilaiza ingawonongeke ndi chiyani china, koma anangondiuza kuti ndiisiye aitumize kwa amene anawaoda, osatchula tsiku lobwerera. Ndinainyamula n'kukaikonzetsa kwina pa R250.

Inu achimwene, musanagule chilichonse yambani mwafufuza kompyutayo, chifukwa chotetezera sichichiritsa chomwe chavulala kale. Chimene chimayamba kuwonongeka kawirikawiri ndi pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta: kompyuta imazima mukaipatsa ntchito yolemera, kapena fani imazungulira pang'ono n'kuima, ndipo nthawi zina kumbuyo kumanunkha chopserera. Chotsani kompyutayo kumagetsi, mutsegule chivundikiro cha pambali n'kuyang'ana makapasita, tizipangizo tooneka ngati timigolo, a pa mazabodi, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta. Ayenera kukhala osalala pamwamba, ndipo otupa kapena otuluka zofiirira ndiye kuti afa. Pawa sapulayi yeniyeniyo musaitsegule, chifukwa imasunga magetsi ngakhale mutaizula. Mu Event Viewer, pulogalamu ya Windows yosunga mbiri ya zochitika pa kompyuta, mukapeza uthenga wa Kernel-Power 41 mobwerezabwereza, zikungotsimikizira kuti makinawo akuzima mosayembekezereka, koma sizikutchula wolakwa. Bwerekani pawa sapulayi ina muyesere musanalole aliyense kukugulitsani mazabodi.

Kodi sitabilaizayi ndingaigulenso? Masiku amene ikulira usiku ndimati ayi, koma ndikakumbukira usiku wa nyutirolo uja ndimaona kuti R1,650 ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa kompyuta ina. Chomwe siingachite ndi kusunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, ndipo kuzima kwadzidzidzi ndi kumene kumawononga mafayilo. Ndikadzapeza ndalama ndidzagula yupiyesi, chipangizo cha batire chosunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, yokhala ndi sitabilaiza mkati, kusitolo imene ingavomere kulemba pa lisiti zimene galanti yake ikukhudza. Saji purotekita ya R300 yokha, m'dera la nthambo zobedwabedwa ngati lanu, sindingakulimbikitseni kuidalira.