Ndi demokalase kapena mantha? Tiyese mbali ziwirizi pa Fashoda

Pali mfundo yoti maiko ademokalase samenyana okhaokha. Sakunena kuti samenya nkhondo ayi, amamenya ndithu, koma osati ndi anzawo ademokalase. Immanuel Kant anayamba kuilankhula mu 1795, Michael Doyle nkudzaidzutsanso mu 1983. Mbali imeneyi imati mtsogoleri wochita kusankhidwa amaopa mavoti poti okafa kunkhondo ndi ana a ovota omwewo, komanso maiko ozolowera kuthetsa mikangano ku palamenti ndi kukhoti amakhulupilirana.

Otsutsa, monga Christopher Layne mu 1994, amati ayi, chimaletsa nkhondo ndi kuwerengera mphamvu basi, wochepa mphamvu amabwerera yekha kaya kwawo amavota kaya savota.

Kuti muone wakhoza ndani tengani Fashoda, ku South Sudan ya lero, mu 1898. Marchand, mkulu wa asilikali wa France, anafika mu Julaye ndi kagulu ka asilikali osakwana 200 nkukweza mbendera m'mbali mwa Nile, mu Sepitembala Kitchener, mkulu wa asilikali wa Britain, anatulukira ndi zombo zamfuti atangopambana kumene nkhondo ku Omdurman, ku Sudan. Maiko awiri a palamenti, maso ndi maso. Mbali yoyamba ikadakhala yoona tikadaona anthu wamba ndi manyuzipepala ku London akuziziritsa zinthu, koma ndi omwewo amakuwa kuti France ichoke zivute zitani, ndipo Britain inayamba kukonza zombo zake zankhondo. France inabwerera mu Novembala chifukwa Delcassé, nduna yake yoona za maiko akunja, amadziwa kuti panyanja sangalimbe, kumudzi nkhani ya Dreyfus, msilikali wachiyuda yemwe anamunamizira ukazitape, inali itagawa dziko, Germany nayo ili pakhomo. Apa ine ndili ndi Layne, anathetsa nkhaniyi ndi mantha.

Koma otsutsa asanyadire kwambiri. Mbali ya demokalase ili ndi manambala, nkhondo zenizeni pakati pa maiko ademokalase yokhazikika nzosowa zedi, ndipo nkhani imodzi ngati Fashoda siingafufute zimenezo. Vuto langa ndi mmene amawerengera. Ofufuza ambiri amati nkhondo ndi pomwe pafa anthu 1,000 pomenyana, ndiye demokalase nayo aliyense amaidula pomwe akufuna. Ku Kargil, m'dera la Kashmir, mu 1999 India inamenyana ndi Pakistan, nduna yaikulu ya Pakistan Nawaz Sharif ali wosankhidwa ndi mavoti, yankho limakhala loti Pakistan sinali demokalase yeniyeni poti asilikali, motsogozedwa ndi mkulu wawo Musharraf, ndi omwe amayendetsa zinthu. Mwina nzoona, koma ukamachotsa chitsanzo chilichonse chokuvuta mfundo yako singagwe olo pang'ono, zimenezo zimandidetsa nkhawa.

Chondikoka kwambiri ndi cha Henry Farber ndi Joanne Gowa, omwe anapeza kuti mtendere umenewu umaoneka bwino kuyambira 1945 kokha, nthawi yomwe maiko ademokalase ambiri anali mbali imodzi kuopa Soviet Union. Ndiye mavoti ndi mdani mmodzi zinabwera limodzi, kuzilekanitsa kuti chinagwira ntchito nchiti manambala okha sakukwanitsa.