Miyezi 8 ndikuona tchati cha Bitcoin pa sikelo ya logi, mmene ndaionera

Wina wandifunsa kuti: "Achimwene, paja munasintha tchati chanu chija kuchoka pa liniya kupita pa logi mumvekere muyese kaye. Ndiye pano mwaiona bwanji, tisinthe nafenso kapena ndi zongokometsera chithunzi?"

Sinthani, koma osataya inayo. Pano yakwana miyezi 8 ndipo tchati chilichonse cha zaka zambiri ndimachitsegula pa logi basi, koma pali malo awiri pomwe inandipusitsa, ndiwatchula kutsogoloku.

Tiyambe ndi chimanga poti ndi chomwe tonse timadziwa. Tingoyerekeza thumba linali K5,000 lafika K10,000, ndiye chaka china linali K50,000 lafika K55,000. Konseko lakwera ndi K5,000, ndipo pa liniya masitepe awiriwa ndi ofanana kutalika chifukwa liniya imawerenga ndalama zomwe zawonjezekera basi. Koma funsani mayi aliyense pamsika akuuzani kuti koyambako kunali kulira, mtengo unawirikiza, pomwe kwachiwiriko ndi 10 peresenti chabe. Logi imaganiza ngati mayi ameneyo. Pa logi mtunda wochoka pa 10 kufika pa 100 ndi womwewo wochoka pa 100 kufika pa 1,000, ndi womwewonso wa 10,000 kufika 100,000, bola mtengo wachulukitsidwa mofanana. Pa TradingView, pulogalamu yoonerapo matchati yomwe ine ndimagwiritsa, ndi kabatani ka L kumunsi kwa mitengo kudzanja lamanja, kapena Alt+L ngati muli pa laputopu. Njira yodziwira msanga kuti muli pati ndi kuyang'ana manambala a m'mbaliwo, akamapita 20,000, 40,000, 60,000 motalikirana mofanana ndiye kuti muli pa liniya, akamathithikana kumtunda kwinaku kumunsi atatayana ndiye logi imeneyo.

Tsiku loyamba lomwe ndinadina kabataniko ndinadabwa kuona kuti kumanzere kwa tchati kunali mapiri omwe sindinkawaona n'komwe. Pa liniya chaka cha 2013 chimangooneka ngati ulusi woyalidwa pansi, chonsecho kumapeto kwa chaka chimenecho Bitcoin inadutsa madola 1,000 kenako n'kugwa kufika cha m'ma 200 pofika Januwale 2015, anthu anataya zoposa 80 peresenti ya ndalama zawo mu kaulusi komweko. Ya Disembala 2017 yomwe inayandikira 20,000 n'kudzatsika kufika cha m'ma 3,200 mu Disembala 2018 imaoneka ngati kachulu. Zomwe zimaoneka zoopsa pa liniya ndi zaposachedwa zokha, 69,000 ya Novembala 2021 kugwa kufika cha m'ma 15,500 mu Novembala 2022, ndiye munthu umaganiza kuti kugwa kwakukulu m'mbiri yonse ndi kumeneko pomwe ukawerenga bwino ndi 77 peresenti, kocheperako poyerekeza ndi kuwiri koyambako.

Ndipo apa ndi pomwe ndinganene kuti logi yandipindulira kwenikweni, inandichotsa mangolomera. Pa liniya tchati cha Bitcoin chimaoneka ngati chikuthamanga kwambiri chaka ndi chaka, khoma lenileni kudzanja lamanja, mtima umangoti ndachedwa ndilowe pompano. Pa logi nkhani ikutembenuka, ukuona phiri lililonse likufupika. Kuchoka pa 200 kufika 20,000 ndi ka 100. Kuchoka pa 3,200 kufika 69,000 ndi ka 21 ndi kanthu. Kuchoka pa 15,500 kufika 100,000 yomwe inadutsidwa mu Disembala 2024 ndi ka 6 ndi theka. Madola akuchuluka inde koma liwiro likutsika, ndipo mzere wonse ukuwerama ngati nsungwi yolemedwa. Amene amakuuzani kuti ikani K100,000 mudzakhala ngati omwe anagula 2015 akuonetsani tchati cha liniya, ine ndaona zimenezi kangapo mu zithunzi zomwe anthu amatumizirana pa WhatsApp.

Tsopano kondipusitsa koyamba, mizere. Mwezi wachitatu chiyambire logi ndinakangana ndi alamu anga Loweruka lina titakhala pakhonde, iwo ali ndi foni ine laputopu pamiyendo. Tonse tinajambula mzere umodzimodzi, kuchoka pansi pa Disembala 2018 pa 3,200 kudutsa pansi pa Novembala 2022 pa 15,500 n'kuutambasula kutsogolo, funso linali lakuti mtengo ukadzagwanso ukakakumane ndi mzerewu pati. Iwo akuti kumapeto kwa 2026 mzere ukhala cha m'ma 28,000, ine ndikuti ayi alamu ndi cha m'ma 75,000, mwina chala chanu chaterereka pokoka. Anandiyankha kuti "alamu inu laputopu yanuyo ndi yakale, onani apa" n'kundipatsa foni, ndipo zoonadi madontho awiri aja anali pamalo pake. Tinatha mwina theka la ola tiyi mpaka kuzizira tisanazindikire kuti iwo ali pa liniya.

Palibe amene analakwitsa masamu. Mzere wowongoka pa liniya ukunena kuti mtengo uziwonjezera madola ofanana nthawi iliyonse, pa zaka pafupifupi 4 zija unawonjezera 12,300 ndiye zaka 4 zina uwonjezeranso 12,300, ndi 27,800 ya alamu imeneyo. Mzere wowongoka pa logi ukunena kuti mtengo uzichulukitsidwa mofanana, unachulukitsidwa pafupifupi ka 4.84 ndiye uchulukitsidwenso ka 4.84, ndi 75,000 yanga ija. Madontho omwewo, kusiyana madola oposa 47,000. Choipa chake n'chakuti ukajambula mzere pa logi n'kudzadina L mwangozi mzere uja suchoka ayi, umakhalabe wowongoka bwinobwino utagwira madontho ake awiri, koma pakati ndi kutsogolo wasuntha, ndiye makandulo, timizati toonetsa mmene mtengo wayendera, omwe dzulo anali pamwamba pake lero ali pansi, iwe n'kumati mzere wathyoka kapena wagwira pomwe wangosintha rula. Chiyambire tsiku limenelo ndimalemba kamawu pambali pa mzere uliwonse kuti ndaujambula pa sikelo iti. Zimaoneka zauchitsiru koma zandipulumutsa.

Chimodzimodzi ndi theka. Wina akati mtengo wabwerera theka la ulendo wake mufunseni theka liti. Pakati pa 3,200 ndi 69,000 pa liniya ndi 36,100, mumangophatikiza n'kugawa pawiri. Pa logi pakatikati ndi pomwe kuchulukitsa kochokera pansi kukufanana ndi kotsala kuti ufike pamwamba, ndipo pamenepo ndi cha m'ma 14,900. Inde ndikudziwa, 15,500 ya 2022 ija ili pafupi kwambiri ndi nambala imeneyi, ndipo nditangoona ndinadumpha ngati ndatola chikwama. Koma kamodzi sikawerengedwa, ndinayesa pa mapiri ena sizinagwe ndendende choncho. Mukamagwiritsa chida cha Fib Retracement, choyezera mmene mtengo wabwererera m'mbuyo pa ulendo wake, dziwani kuti kudina L pakokha sikukwanira, m'makonzedwe a chidacho muli kabokosi kakekake kofunika kuchonga kuti mizere yake iwerengedwe mwa logi.

Kondipusitsa kwachiwiri n'kobisika, ndipo ndinakuzindikira mochedwa, mwina mwezi wachisanu ndi chimodzi. Logi imagoneka mtima. Tengani foni yanu, malo a tchati ndi masentimita ngati 10, ndiye mwaika mbiri yonse kuchoka dola 1 kufika 100,000. Amenewo ndi masitepe 5 ochulukitsa ka 10, sitepe iliyonse masentimita 2. Mtengo ukagwa ndi theka pa sikirini watsika mamilimita 6 okha. Mamilimita 6 abale, osakwana chikhadabo, koma ndi theka la ndalama zako zapita, ndipo kuti ubwerere pomwe unali uyenera kukwera 100 peresenti, zomwe pa logi ndi mamilimita 6 omwewo ndiye zimaoneka ngati n'zapafupi. Ndinadzigwira usiku wina ndikuyang'ana kugwa kwa 2022 kuja ndikuti aa kameneka ndikanapirira, kenako ndinatenga kakyuleta n'kuika ndalama zanga zenizeni, K1,000,000 kusanduka K230,000 m'chaka chimodzi fizi ya ana ikudikira. Sindikanapirira, ndikanagulitsa pansi penipeni ngati wina aliyense. Ndiye pano ndisanaike kalikonse ndimabwerera pa liniya dala, ndionere miyezi 12 yapitayi, chifukwa kumeneko kugwa kumaoneka mmene kumapwetekera.

Pa tchati chachifupi musavutike. Ngati mukuona sabata imodzi kapena mwezi umodzi pomwe mtengo wangoyenda 5 kapena 10 peresenti, dinani L kangapo muona makandulo akungogwedezeka pang'ono basi. Ine lamulo langa, langa ndekha silochokera m'buku, ndi lakuti ngati mtengo wapamwamba pa sikirini ukuposa wapansi katatu ndimapita pa logi, kuchepera apo ndimasiya mmene ziliri. Komanso logi sidziwa ziro ndipo sidziwa nambala ya pansi pa ziro, n'chifukwa chake tsiku lija la 20 Epulo 2020 pomwe mtengo wa mafuta a WTI ku America unatsika kupitirira ziro kufika cha m'ma madola 37 kunsi kwake silingajambulike pa logi. Kandalama kachinyengo komwe kakufa nakonso pa logi kamangotsetsereka mwaulemu ngati kali ndi poima, pomwe pa liniya ukuoneratu kuti kagona pansi.

Kwa ife owerengera m'makwacha pali kena kakang'ono. Ndinayesa kusandutsa mitengo kukhala makwacha mu Excel n'kuchonga Logarithmic scale, ndipo pa Novembala 2023 panatuluka sitepe yomwe pa tchati cha madola palibe. Si Bitcoin imeneyo, ndi kwacha yomwe inagwetsedwa dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700, kukwera kwa 44 peresenti tsiku limodzi. Logi ikuonetsa maperesenti mokhulupirika koma sikuuza kuti peresentiyo yachokera ku katundu kapena ku ndalama yomwe ukuyezera, ndiye mizere yanga yonse ndimajambula pa tchati cha madola, makwacha ndimawerengera padera.

Alamu anga mpaka pano akadali pa liniya, akuti logi imawanamiza kuti zinthu zili bwino, ndipo pa mamilimita 6 aja sindingawatsutse. Tinangogwirizana kuti aliyense akamatumiza chithunzi cha tchati azijambula ndi manambala a m'mbali omwe, osadula.