Excel, apu yaulere kapena pulogalamu yonse ya maakaunti: zimene ndaona pa Luchenza

Ndimagulitsa zipangizo zomangira ndi za m'munda pa Luchenza. Ogula pa kauntala sandipatsa mutu, amalipira pompo n'kutenga lisiti. Ovuta ndi a ngongole: masukulu, makontirakitala, ndi esiteti ina ya tiyi imene imatenga mapaipi, misomali ndi magambuti lero koma kulipira pakatha mwezi. Anzanga a mashopu ku Chitakale ndi ku Bvumbwe amakonda kundifunsa kuti, "Achimwene, mainvoisi akafika angati pamwezi m'pamene Excel imalephera?" Ine ndaona kuti chimene chimagwetsa munthu si kuchuluka kwa mainvoisi ayi. Ndi kuchuluka kwa amene sanalipidwe onse, komanso kuchuluka kwa manja olemba.

Tiyeni titenge nkhani imodzi, tiione m'njira zonse zitatu. Esiteti ija inali ndi mainvoisi atatu: 0412 ya K850,000, 0419 ya K320,000 ndi 0433 ya K430,000. Pamodzi K1,600,000. Ku banki kunalowa K1,552,000 kamodzi, popanda mawu onena kuti ndi ya invoisi iti. K48,000 yosowayo sinabedwe. Ndi msonkho wa K3 pa K100 iliyonse umene wogula ngati ameneyu amadula asanakulipire katundu, n'kukapereka ku MRA pa TPIN yako. Iwe umayenera kulandira satifiketi yake, imene idzakuchepetsera msonkho wa pachaka. Ndiye funso n'lakuti, pa zida zitatuzi, n'chiti chingakuuze popanda kukanda mutu kuti mainvoisi atatuwa atsekedwa, ndipo chatsala ndi pepala la K48,000 basi?

Excel, kapena Google Sheets ndi LibreOffice Calc, ingathe, koma ukaimanga bwino. Kale ndinkalemba invoisi iliyonse pamzere wake, kumapeto n'kuika "Walipira" kapena "Ayi". Malipiro a theka analibe pokhala. Chinandipulumutsa ndi kugawa pawiri. Tsamba loyamba ndi la mainvoisi: nambala pa A, tsiku pa B, kasitomala pa C, ndalama pa D. Lachiwiri, lotchedwa Malipiro, lili ndi tsiku pa A, nambala ya invoisi pa B, ndalama pa C. Chotsala pa invoisi iliyonse chimatuluka chokha:

```
=D2-SUMIF(Malipiro!B:B,A2,Malipiro!C:C)
```

K1,552,000 ija ndimaigawa ndekha mizere itatu, K824,500, K310,400 ndi K417,100, kenako mizere ina itatu ya msonkho wodulidwa, K25,500, K9,600 ndi K12,900. Mainvoisi onse amafika pa ziro. Zimatheka, ndipo magetsi akazima laputopu imagwirabe popanda bandulo.

Vuto lake n'loti Excel siikana chilichonse. Mlamu wanga atayamba kundithandiza, analemba "K320,000" ndi chilembo K kutsogolo, ndiye kompyuta inaiona ngati mawu, osati ndalama, ndipo pophatikiza ndalama zonse za pa D inangoidumpha mwakachetechete. Chizindikiro chake, nambala yotere imatsamira kumanzere kwa bokosi pamene zinzake zili kumanja. Tsiku lina tonse awiri tinatulutsa invoisi 0451 kwa anthu osiyana, chifukwa iye anali ndi fayilo yake pa fulashi, ine yanga. Mzere uwu umagwira nambala zobwerezedwa:

```
=COUNTIF(A:A,A2)>1
```

Koma umagwira pepala litapita kale kwa kasitomala. Kwa munthu mmodzi wosamala, wokhala ndi a ngongole osapitirira 15 kapena 20, sindiona chifukwa chosiyira Excel. Akalowapo wachiwiri, yambani kuyang'ana kwina.

Apu yaulere ya mainvoisi, monga Zoho Invoice ndi zinzake, imachiza matenda awiri amenewa. Nambala imapereka yokha, invoisi imatuluka yooneka bwino ndipo umaitumiza pa WhatsApp uli pa minibasi yopita ku Limbe. Zabwinozo zimalola kugawa malipiro amodzi pa mainvoisi angapo ndi kusonyeza amene apitirira tsiku. Musanaikemo makasitomala onse, iyeseni ndi nkhani ngati ya esiteti ija. Ine imene ndinayamba nayo inalibe polemba msonkho wodulidwa, choncho K48,000 inkaoneka ngati ngongole mpaka kalekale. Nditaifufuta ngati kuchotsera mtengo, malonda anga anaoneka ochepa kuposa enieni, ndipo ndinaiwala kulondola satifiketi. Onaninso ngati imagwira netiweki ikathawa, ngati imalola anthu awiri, ndiponso ngati mungatulutse zonse mu fayilo ya CSV, imene Excel imatha kutsegula. Yopanda khomo lotulukira musaikhudze, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Ndipo musayembekeze kuti za Airtel Money ndi Mpamba zizilowa zokha, mudzalembabe pamanja.

Malire enieni a apu ndi akuti imaona mbali imodzi. Imadziwa amene ali ndi ngongole kwa iwe, koma sidziwa kuti iwe uli ndi ngongole ya simenti ku Blantyre, kapena kuti m'banki muli zingati.

Apa m'pamene pulogalamu yonse, monga QuickBooks, Sage Pastel kapena Xero, imasiyana nazo. Chilichonse chimalembedwa mbali ziwiri. Pa nkhani yathu ija, K1,552,000 imalowa ku akaunti ya banki, K48,000 ku akaunti ya msonkho wolipiriratu, ndipo ngongole ya esiteti imatsika ndi K1,600,000 yonse. Kumapeto kwa chaka akauntanti amangotsegula akaunti ya msonkhoyo n'kuiyerekeza ndi masatifiketi ali m'fayilo. Yosowa imaonekera pompo. Kumapeto kwa mwezi umayerekezanso sitetimenti ya banki ndi buku, ndipo zikasiyana ngakhale ndi K500 pulogalamu imakuonetsa. Invoisi ikasinthidwa, zambiri mwa izi zimasunga kuti wasintha ndani, zimene zimathandiza mtendere pachibale.

Mtengo wake uli pawiri. Za pa intaneti zimalipiridwa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri m'madola, ndipo amene analipo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi K44 pa K100, akudziwa kuti bilu yotere imakwera usiku umodzi. Pamafunikanso khadi la banki lolola kulipira kunja. Zilipo zaulere zoika pa kompyuta, monga GnuCash ndi Manager, zimene zimagwira popanda intaneti, kungoti kusunga kope pa fulashi ndi udindo wako. Mtengo wachiwiri ndi nthawi. Ndinalipira akauntanti masiku awiri kuti andikonzere maakaunti ndi kulowetsa ngongole zoyambira, ndipo sindidandaula. Mnzanga wina anadzikonzera yekha, n'kumalemba ndalama zolowa ngati malonda atsopano m'malo mozimata pa invoisi, malonda ake n'kuwerengedwa kawiri. Ukaona ngongole za makasitomala zikungokwera pamene anthu akulipira, matenda ndi amenewo.

Ngati munalembetsa VAT, dziwani kuti invoisi ya pa Excel kapena pa apu siilowa m'malo mwa lisiti imene MRA imafuna. Funsani ku ofesi yawo kaye musanagule pulogalamu iliyonse, kuti musamalembe kawiri mosafunikira.

Ine ndinasamuka a ngongole atafika 40, tikulemba anthu atatu, ndipo Loweruka lililonse likuthera pofufuza kuti ndalama iyi ndi ya yani. Ndinayambira pa 1 mwezi, ndikulowetsa mainvoisi osalipidwa okha, 63, osati mbiri yonse ya zaka zinayi. Excel ndinaiyendetsabe pambali mwezi umodzi mpaka ngongole zonse zitafanana mbali zonse ziwiri. Pano ndimangoitsegula powerengera mitengo katundu watsopano akafika.