Khola la dothi kapena la simenti?

Ife a ku Joni timatumiza ndalama zoti kumudzi agule nkhumba, koma za pansi pa khola sitifunsa.

Khola la dothi silidya ndalama, mitengo ndi udzu basi. Vuto lake ndi njoka zam'mimba. Mazira ake amatuluka ndi ndowe n'kukhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo nkhumba ikamafukula imawamezanso. Mukabaya mankhwala a njoka a ivamekitini lero, pakapita miyezi iwiri njoka zabwerera. Mudzaona tiana tikutsokomola, ubweya utanyankhalala, mimba yokha kukula ngakhale tikudya madeya osakaniza ndi soya. Chakudya chothiridwa pansi chimatheranso m'matope.

La simenti limapweteka m'thumba poyamba, koma ndowe zimakokoleka tsiku lililonse mazirawo asanakhwime, chifukwa amafuna masabata angapo kuti ayambe kudwalitsa. Pansipo papendekeke pang'ono kuti mkodzo uzituluka, pasachite kusalala. Muziyala udzu wouma mu Juni ndi Julaye, tiana timafa ndi kuzizira. Popeza tianato sitikunyambita dothi lomwe muli ayironi, tibayeni jakisoni wa ayironi tikakwana masiku atatu.

Ine ndimasankha simenti, ngakhale chipinda chimodzi chokha chobadwiramo tiana.