Wotchi kapena Mpweya: Masiku Oyamba ku Iten

Iten, tawuni ya ku Kenya komwe othamanga amakachitira masewera okonzekera mipikisano, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400, pomwe kupuma kulikonse kumalowetsa okosijeni wochepa ndi pafupifupi kota kuyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Wothamanga wochokera kumalo otsika amene kwawo amamaliza kilomita m'mphindi 5 akafika kumeneko amasankha pakati pa njira ziwiri.

Yoyamba ndi kukakamira mphindi 5 zomwezo. Makilomita awiri oyamba amaoneka ngati zikuyenda, koma kenako wefuwefu amayamba, miyendo imalemera ngati yamangiriridwa njerwa. Usiku tulo sitibwera, mutu ukuwawa, ndipo m'mawa mtima umagundabe mothamanga munthu asanadzuke n'komwe. Ndimamva chisoni ndi otere, chifukwa amadziyesa ofooka pomwe vuto ndi mpweya.

Ine ndimakonda yachiwiri: kuiwala liwiro la pa wotchi n'kumvera thupi. Sabata yoyamba athamange pang'onopang'ono moti n'kumatha kucheza ndi mnzake osadula mawu, ngakhale kilomita itenge mphindi 5 ndi theka kapena kuposa. Kuthamanga kwamphamvu kudikire sabata yachiwiri, ndipo mpumulo pakati pa maulendo autalikitse, mphindi imodzi ikhale ziwiri. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna kuleza mtima, poti thupi limatenga masabata atatu kapena anayi kuti liwonjezere maselo ofiira a magazi, amene amanyamula okosijeni.

Pa mpikisano wautali kumtundako, woyamba amatsogola poyambira n'kumaliza akuyenda. Wachiwiri amavomereza nthawi yochedwerapo kuposa ya kwawo, n'kumupitirira mnzakeyo chakumapeto.